Lipoti la lendi ya zipinda zinayi ku Chikanda, mumzinda wa Zomba

Mu Januwale 2025 ndinaitanidwa ndi mayi wina wamasiye wa ku Chikanda amene ali ndi mdadada wa zipinda zinayi kuseri kwa nyumba yawo. Ntchito yanga ndi yoyang'anira nyumba za lendi za anthu ndi kusunga mabuku a ndalama zake, ndipo mayiwa ankafuna kuti ndiwapezere anthu olowa m'zipinda ziwiri zimene zinakhala nthawi yaitali zili zokhoma. Ndisanavomere, ndinapempha kuti ndione kaye zipindazo pamodzi ndi kope limene amalembamo malipiro, chifukwa chipinda chikamakanidwa ndi anthu m'dera limene anthu ofuna malo ndi ochuluka, kawirikawiri vuto limakhala pa mtengo, ndipo kusaka alendi mtengowo usanakonzedwe n'kungotaya nthawi.

Zipindazo n'zomangidwa ndi njerwa zootcha, zofolera ndi malata, pansi pake ndi pa simenti, ndipo zilibe siling'i. Chilichonse chimalowa mabedi awiri ndi katebulo kamodzi. Bafa ndi chimbudzi zili panja, mpopi ndi umodzi wa onse, ndipo bilu ya madzi amalipira mayiwo. Magetsi a mdadadawo ali pa mita yakeyake ya ESCOM, alendi amasonkherana okha kugula mayunitsi. Malo onse ali mumpanda wa njerwa wokhala ndi geti. Popeza Chikanda ili pafupi ndi Yunivesite ya Malawi, amene amakhala m'zipindazi ndi ophunzira, awiriawiri pa chipinda.

Zimene kope linaonetsa

Chaka cha 2023 chipinda chimodzi chinali pa K60,000 pa mwezi. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, mitengo ya simenti, penti ndi zinthu zina inakwera, ndipo mayiwo anakweza lendi kufika pa K90,000 kuyambira Januwale 2024. Nditafunsa kumene nambalayo anaitenga, anandiyankha kuti: "Achimwene, anzanga apa tsidyapa akulipiritsa K100,000, ndiye ine ndinati ndichotseko pang'ono kuti ana asukulu asadandaule." Kukweza lendi chaka chimenecho kunali koyenera ndithu, ndipo sindinawatsutse pa mfundo imeneyo. Chimene tinafunika kufufuza chinali kukula kwa kukwezako.

Ndinatenga pepala n'kujambulapo mizere inayi yopingasa, umodzi pa chipinda chilichonse, ndi mizere 12 yotsika ya miyezi, kotero kuti panapezeka timabokosi 48. Tinakhala pakhonde, iwo akuwerenga m'kope, ine ndikuchonga kabokosi kalikonse kamene ndalama yake inalowadi m'manja. Pa pepala la 2023 tinachonga timabokosi 32, chipinda chilichonse miyezi 8, ndipo ndalama yonse inali K1,920,000. Pa pepala la 2024 chipinda choyamba ndi chachiwiri zinali ndi miyezi 8 chilichonse, chachitatu miyezi 5, chachinayi miyezi 3 yokha, zonse pamodzi timabokosi 24, ndalama yake K2,160,000. Mtengo unakwera ndi theka lathunthu, koma ndalama ya pachaka inangowonjezekera ndi K240,000, m'chaka chimene katundu aliyense pamsika anali atakwera. Tikagawa K2,160,000 ndi timabokosi tonse 48, tikupeza kuti chipinda chimene mayiwo ankachitchula kuti ndi cha K90,000 chinkawapatsa K45,000 pa mwezi.

Mapepala awiriwa ataikidwa pamodzi anaonetsa chinthu chimene ndimachiona kuti ndiye mutu wa nkhani yonseyi, chakuti miyezi yopanda munthu ili ya mitundu iwiri. Timabokosi 16 tinali topanda kanthu m'zaka zonse ziwiri, ndipo tinkagwera nthawi imodzi pa zipinda zonse zinayi, nthawi imene ophunzira amakhala ali kwawo pa holide. Miyezi imeneyi siichiritsika ndi kutsitsa mtengo, chifukwa ngakhale chipinda chikhale pa K30,000, wophunzira amene ali kwawo ku Karonga kapena ku Nsanje sabwera kudzagonamo sukulu ili yotseka. Timabokosi tina 8 tinaoneka mu 2024 mokha, pa nthawi imene sukulu inali yotsegula ndipo nyumba zoyandikana nazo zinali zodzaza. Mwa timeneti, kamodzi kanali ka mwezi umene anyamata awiri anakhalamo koma n'kuchoka osalipira, ndipo 7 totsalato tinali ta chipinda chokhoma. Miyezi ya mtundu wachiwiriwu ndiyo imene mtengo unaibweretsa. Kuti munthu asiyanitse mitundu iwiriyi, aone ngati zipinda zake zimakhala zopanda anthu nthawi imodzi ndi za anzake, kapena ngati zake zokha ndizo zili zokhoma pamene za anzake muli anthu.

Kuyerekeza ndi malo ena

Ndinatha masiku atatu ndikuyenda m'deralo, ndipo ndinaona malo asanu ndi awiri. Ndinadziikira malire akuti ndiyang'ane malo okhawo amene wophunzira angayende pansi kupita m'kalasi pa nthawi yofanana ndi ya kwa mayiwa. Mitengo ya ku Matawale kapena ku Chinamwali sindinaitenge, chifukwa wokhala kutali amawonjezera ndalama ya kabaza kapena ya minibasi pa lendi yake, ndipo zimenezo zimasokoneza kuyerekeza. Pamalo paliponse ndinkayesetsa kufunsa amene akukhalamo, osati mwini nyumba yekha, popeza eni nyumba ambiri amatchula mtengo umene akufuna kudzalipiritsa, pamene wokhalamo amatchula ndalama imene inatuluka m'thumba mwake kumapeto kwa mwezi watha. Ndinkafunsanso ngati madzi ndi magetsi zili m'kati mwa lendiyo, chaka chimene analowa, ndiponso zimene zimachitika pa holide.

Malo atatu ndinawachotsa pa chiwerengero. Oyamba anali a tsidya aja a K100,000, amene ndinapeza kuti chipinda chilichonse chili ndi matailosi, bafa ndi chimbudzi cha madzi m'kati, komanso pali thanki yosungira madzi. Amenewa ndi malo a mtundu wina, ndipo kuchotsapo K10,000 yokha kunali ngati kunena kuti zinthu zonsezo mtengo wake ndi K10,000 pa mwezi. Achiwiri anali chipinda cha K40,000 chimene ankakhalamo ana a mlongo wake wa mwini nyumba, ndipo mtengo wa pachibale sungatiuze za msika. Achitatu anali ndi chikwangwani pageti ndipo mwini wake ankafuna K85,000 pa chipinda chofanana kwambiri ndi cha mayiwa, koma chinali chitakhala miyezi iwiri chopanda munthu sukulu ili m'kati. Ngakhale sindinawaike pa chiwerengero, malo amenewa anandithandiza, chifukwa anandionetsa mtengo umene ophunzira anali ataukana kale.

Pa malo anayi otsalawo, ntchito inali yosintha mtengo wa malo alionse kuti ufanane ndi zimene mayiwa akupereka. Apa ndi pamene anthu ambiri amangolota manambala, choncho ndimayesetsa kupeza umboni wa kusintha kulikonse. Pa malo oyamba ndinachita mwayi, chifukwa bambo mwini wake ali ndi midadada iwiri mumpanda umodzi, wina wa siling'i pa K80,000, wina wopanda siling'i pa K72,000, ndipo yonse iwiri inali yodzaza. Mtunda ndi umodzi, mpopi ndi umodzi, mwini wake ndi mmodzi, madzi ali m'kati mwa lendi, kotero kusiyana kwa K8,000 kunali kwa siling'i basi, ndipo K72,000 ndiyo inali yofanana ndi zipinda zathu. Pa malo achiwiri lendi inali K65,000 koma alendi amalipira okha madzi, ndipo atsikana amene ndinawapeza akuchapa pampopi anandionetsa kuti amasonkha pafupifupi K5,000 pa chipinda mwezi uliwonse, kutanthauza kuti mtengo weniweni unali K70,000. Pa malo achitatu lendi inali K75,000 yophatikiza madzi ndi magetsi ounikira, ndipo nditachotsa K6,000 imene alendi a mayiwa amagulira mayunitsi pa chipinda, panatsala K69,000.

Malo achinayi anali pa K60,000, opanda mpanda, ndipo njira yake imadutsa pakhwawa limene limadzaza mvula ikagwa. Ndinawonjezerapo K8,000, koma nambala imeneyi inachokera pa kuona kwanga, inalibe malo ena oitsimikizira monga zinalili ndi siling'i ija, choncho ndinaipatsa mphamvu yochepa poyerekeza ndi zitatu zinazo. Mitengo inayi yokonzedwayo inagwera pakati pa K68,000 ndi K72,000. Mitengo ikayandikana motere ndimadziwa kuti malo amene ndasankha ndi ofananadi. Ikanatalikirana kwambiri, mwachitsanzo wina K55,000 wina K85,000, sindikanatenga wapakati, koma ndikanabwerera kukafufuza chimene ndinaphonya, chifukwa kutalikirana kotero kumasonyeza kuti pali chinthu china chimene alendi akuchiona chimene ine sindinachione. Ndinalangiza kuti mtengo ukhale K70,000 pa chipinda, K35,000 pa munthu.

Mayiwo sanavomere msanga. Anandikumbutsa kuti anali ndi ngongole ku banki m'khonde imene anatenga pomanga mpanda, ndipo anapempha kuti tiike K80,000. Ndinawamvetsa, chifukwa ndalama imene munthu anaika m'nyumba imamupweteka, koma wophunzira amene akufuna malo sadziwa za ngongoleyo, iye amayerekeza khomo ili ndi khomo lotsatira. Ndinawalembera masamu ake pansi pa pepala lomwe lija. Chipinda cha K70,000 chikakhala ndi anthu miyezi 8 chimabweretsa K560,000. Cha K80,000 chikataya mwezi umodzi wokha, n'kukhala ndi anthu miyezi 7, chimabweretsanso K560,000 yomweyo. Phindu lonse la kukweza limathera m'mwezi umodzi wa chitseko chokhoma. Ndipo ku malo a ophunzira chipinda sichitaya mwezi umodzi kawirikawiri, popeza onse amasaka malo m'masabata oyandikira kutsegulira, ndipo amene wapeza malo sasamukanso mpaka semesita ithe. Chipinda chimene chaphonya masiku amenewo chikhoza kudikira miyezi inayi, monga mmene chinachitira chipinda chachinayi mu 2024. Atayang'ana mzere wa chipinda chimenecho, wokhala ndi timabokosi titatu tokha tochonga, anati: "Chabwino achimwene, tiyeni tiyese mmene mwaneneramo."

Miyezi ya holide

Titamaliza za mtengo, tinatsala ndi timabokosi 16 tija timene mtengo sungatikhudze. Njira yoyamba imene ndinaiyeza inali yoika munthu wapantchito m'malo mwa ophunzira. Munthu wapantchito kapena banja laling'ono salipira ndalama yofanana ndi ya ophunzira awiri osonkherana, ndipo zipinda zotere m'deralo anthu oterowo ankazilipira pakati pa K50,000 ndi K55,000. Koma iwo amakhala chaka chonse. Ngakhale zili choncho sindiwerengera miyezi 12, ndimawerengera 11, kuti mwezi umodzi ukhale wa nthawi imene wina watuluka, chipinda chikupakidwa laimu, wina akusakidwa. Pa K52,000, miyezi 11 ikupereka K572,000, imene ikuposa pang'ono K560,000 ya ophunzira. Mtengo wooneka wotsika ndi K18,000 pa mwezi unali wofanana ndi winawo pa chaka, ndipo ndalama yake imabwera ngakhale m'miyezi imene mdadada wonse uli zii, pamene bilu ya madzi ndi ngongole ya kubanki m'khonde sizidikira.

Sindinalangize kuti zipinda zonse zipite kwa anthu apantchito. Kusiyana kwa K12,000 pa chaka n'kochepa, banja limagwiritsa ntchito madzi ambiri pa bilu imene amalipira ndi mayiwo, ndipo ophunzira amalipira ndalama yochokera kwa makolo kapena ku ngongole ya sukulu imene ambiri amaipereka ya miyezi ingapo nthawi imodzi. Tinagwirizana kuti chipinda chachinayi, chimene chili kumapeto ndipo chili ndi kakhonde kophikirapo, chipite kwa munthu wapantchito wosakhala ndi banja lalikulu, ndipo zitatu zikhalebe za ophunzira.

Njira yachiwiri inali ya ndalama yosungira malo. Pa malo anayi amene ndinayerekeza nawo, awiri amalipiritsa theka la lendi kwa ophunzira amene akufuna kusiya katundu wawo pa holide yaitali kuti adzapeze chipinda chomwecho, pamene awiri enawo salipiritsa kanthu koma salonjezanso kusunga malo. Ife tinaika K25,000 pa mwezi pa chipinda, yochepera theka, mwa kufuna kwa wophunzira, ndipo amene sakufuna atulutse katundu wake n'kubweza makiyi.

Pomaliza ndinawakonzera chiyembekezo cha chaka chonse. Zipinda zitatu pa K70,000 kwa miyezi 8 ndi K1,680,000, chipinda chachinayi K572,000, ndipo pa ndalama yosungira malo ndinangowerengera zipinda ziwiri kwa miyezi itatu, K150,000. Zonse pamodzi ndi K2,402,000. Pamenepo ndinachotsa K70,000 ya mwezi umodzi umene wina angathawe nawo, popeza zinachitikapo kale, K240,000 ya madzi, ndi K150,000 ya laimu, maloko, mipopi yodontha ndi zina zokonza. Panatsala K1,942,000, imene ikagawidwa pa miyezi 12 ikupereka pafupifupi K160,000 pa mwezi. Nambala imeneyi inawadabwitsa kuposa zonse, chifukwa m'maganizo mwawo ankadziwerengera K360,000 pa mwezi, zipinda zinayi pa K90,000, ndipo ngongole yawo anaitenga potengera ndalama imeneyo. Ndinawapempha kuti m'miyezi ya zipinda zodzaza azitapa K160,000 yokha, yotsalayo aziisunga kuti idzawathandize pa holide.

Zimene zinachitika pambuyo pake

Chipinda chachitatu chinapeza ophunzira pasanathe masiku khumi kuchokera pamene tinalengeza mtengo watsopano. Ophunzira amene anali kale m'zipinda ziwiri zoyambirira tinawatsitsiranso, ngakhale kuti izi zinachotsa K20,000 pa chipinda mwezi uliwonse, chifukwa anthu ogawana mpopi umodzi sabisirana lendi, ndipo akanadziwa kuti anzawo akulipira zochepa akanachoka semesita ikatha. Chipinda chachinayi analowamo mnyamata wogwira ntchito m'sitolo ina m'tauni, ndipo mpaka pamene ndikulemba lipotili sanaphonyepo mwezi.

Cholakwika chinachitika pa ndalama yosungira malo, ndipo chinali changa. Ndinalola kuti atsikana awiri a chipinda chachitatu asiye katundu wawo ndi lonjezo la pakamwa lakuti adzalipira K75,000 ya miyezi itatu akadzabwerera. Sukulu itatsegulira, mmodzi sanabwerere, winayo anapeza malo kwa mnzake, ndipo anabwera kudzatenga matiresi ndi zikwama patatha masabata atatu. Pa masabata amenewo tinabweza anthu anayi ofuna malo, chifukwa loko wa pachitseko anali wa atsikanawo ndipo sitikanathyola n'kutulutsa katundu wa eni popanda chilolezo chawo. Ndalama yosungira malo tinangolandirapo K30,000, ndipo chipindacho chinakhala mwezi wathunthu chopanda munthu mpaka pamene tinapeza ophunzira awiri amene anasemphana ndi mwini nyumba wawo kwina. K70,000 ija tinaipatula ndiyo inatseka dzenje limeneli, koma K45,000 yotsala ya kusunga malo inapita. Kuchokera pamenepo ndinalemba pangano la tsamba limodzi limene wophunzira amasainira asanapite ku holide, lonena kuti ndalama yosungira malo imalipiridwa yonse asananyamuke, kiyi mmodzi amatsala kwa mayi, ndipo pakatha masiku 7 sukulu itatsegulira iye osaoneka kapena kuimba foni, katundu wake adzasungidwa m'nyumba yaikulu ndipo chipinda chidzaperekedwa kwa wina.

Njira yomweyi ndaigwiritsapo ntchito pa mabenchi a mumsika ndi timagolosale ta m'mbali mwa msewu, ngakhale kuti kumeneko malire oyerekezera amakhala aafupi kwambiri. Benchi la pakhomo lolowera ndi benchi la mzere wakumbuyo sizingayerekezedwe ngakhale zitatalikirana mamita makumi awiri okha, ndipo pofunsa mtengo m'pofunika kudziwa ngati chiphaso cha tsiku ndi tsiku cha khonsolo amalipira wogulitsa kapena mwini benchi. Miyezi yake yopanda munthu imatsata nyengo, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi pamene anthu ambiri ndalama zawo zili kumunda ndi pa chakudya, ndipo imachepa zokolola zikayamba kugulitsidwa.

Kwa mayi a ku Chikanda, K70,000 ndi mtengo wa Januwale 2025, ndipo pa nthawi imene mitengo ya zinthu ikusintha mwachangu sungadaliridwe kupitirira chaka. Tinagwirizana kuti ndizibwerera ku malo anayi aja mwezi umodzi sukulu isanatsegulire chaka chatsopano, kuti ngati pali kusintha alendi auzidwe asanapite ku holide, osati atabwerera ndi ndalama yowerengeka kale m'manja. Pa ulendo wotsatira ndidzafunsanso mmisiri mtengo woika siling'i m'chipinda chimodzi, kuti tiugawe ndi K64,000 imene siling'iyo ingawonjezere pa miyezi 8, ndi kuona zaka zimene zingapite ndalamayo isanabwerere.